Katundu wachedwa: mafunso ndi mayankho pa kalembedwe ka imelo yopepesa kasitomala

Ndili ndi shopu ya utelala ku Limbe, ya makina anayi, ndipo ntchito yathu yambiri ndi mayunifolomu a sukulu ndi a makwaya. Masukulu ndi mabungwe amakonda kuoda pa imelo, choncho zikavuta ndi pomwepo pamene ndimayenera kukaonekera. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono amandifunsa kawirikawiri. Ndiwayankha potsata oda imodzi yomwe ndinachedwa nayo: mashati 120 a sukulu ina ya pulaimale yomwe si yaboma ku Mzuzu. Tinapangana kuti afika Lachisanu pa 5 Sepitembala, chifukwa makolo amayamba kugula yunifolomu Lolemba pa 8. Theka la ndalama anali atalipira kale.

Ndilembe liti, ndidikire kaye kuti mwina zitheka?

Lembani tsiku lomwe mwadziwa kuti simukwanitsa, osati tsiku lomwe katundu amayenera kufika. Ine ndinadziwa Lachitatu pa 3 Sepitembala cha m'mawa, mnyamata wanga atabwerako ku shopu ya nsalu chimanjamanja. Nsalu ya mtundu wa buluu woderako yomwe tinayambira inali itatha, ndipo ina imabwera Loweruka. Pa nthawiyo mashati osokedwa anali 70. Imelo inapita masana omwewo.

Masiku awiri amenewo anali ndi phindu kwa aphunzitsi aakulu. Anatha kuuza makolo a makalasi aakulu kuti adzabwere sabata yotsatira, ana oyamba kumene n'kulandira awo pa nthawi yake. Ndikanadikira mpaka Lachisanu madzulo, munthu wawo akanapita kudepoti kukayembekeza makatoni atatu n'kupeza awiri, makolo atauzidwa kale tsiku. Kasitomala amapirira kuchedwa. Chimene chimamupweteka ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa anthu amene iyenso anawalonjeza.

Ndalemba kuti "pepani". Kodi sikuvomera kumeneko?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri timadzinamiza osadziwa. M'Chichewa mwathu "pepani" ali ndi ntchito ziwiri. Ndikakupondani phazi mu minibasi ndimati pepani. Mukapunthwa nokha pamwala ine ndili chapatali ndimatinso pepani. Pamaliro timati pepani, pomwe sitinaphe munthu. Ndiye mukalemba kuti "pepani, katundu wanu wachedwa", kasitomala sangadziwe ngati mukuvomera kulakwa kapena mukungomumvera chisoni ngati munthu wodutsa m'njira. Nthawi zambiri amamva chachiwiricho, ndipo sakhala akulakwitsa.

Chimene chimasiyanitsa ndi mneni wotsatira. Tayerekezani mawu awa:

"Katundu wachedwa." Apa katunduyo wadzichedwetsa yekha, ngati ali ndi miyendo.

"Panachitika kasokonezo pang'ono." Apa palibe munthu, ndipo "ka-" ndi "pang'ono" akuchepetsa vuto lomwe kwa mwiniwake si laling'ono.

"Zinthu sizinayende monga timayembekezera." Apa wolakwa ndi "zinthu".

"Ndalephera kumaliza mashati anu pa tsiku lomwe tinapangana." Apa pokha ndi pamene pali munthu woti n'kumufunsa.

Chinenero chathu chili ndi njira zambiri zoyankhulira mozungulira, ndipo pa nkhani za m'banja kapena pabwalo zimathandiza kuti anthu asayambane. Timati mbale yasweka, sitinena kuti mwana waswa mbale. Koma pa malonda munthu wapereka ndalama zake, ndipo akaona "yasweka", "zasokonekera", "zavuta", amadziwa kuti mukubisala kuseri kwa mawu. Ndikamaliza kulemba ndimawerenganso chiganizo chopepesacho n'kudzifunsa kuti, wachita zimenezi ndani? Ngati chiganizocho sichikuyankha, ndimachilembanso mpaka chiyambe ndi "nda-" kapena "ta-".

Mawu ena oti muwasamale ndi "mutimvetse" ndi "mupirire nafe". Amamveka aulemu, koma akumupatsa kasitomala ntchito. Mwamuchedwetsera katundu, ndiye mukumupemphanso kuti akuchitireni chifundo musananene n'komwe kuti katunduyo afika liti. Komanso musalembe kuti "pepani ngati zimenezi zakusokonezani". Palibe "ngati" apa. Zawasokoneza ndithu.

Nanga imeloyo ikhale ndi chiyani? Tionetseni.

Nayi yomwe ndinatumiza. Pa mzere wa `Subject` ndinalemba kuti: Mashati 120 a yunifolomu: 70 afika pa 5 Sepitembala, 50 pa 12 Sepitembala.

> Okondedwa Amayi,
>
> Ndalephera kumaliza mashati onse 120 pofika Lachisanu pa 5 Sepitembala monga tinapangana. Ndikupepesa kwambiri, makamaka podziwa kuti makolo ayamba kugula Lolemba. Kulakwa ndi kwanga: sindinagule nsalu yonse nthawi imodzi, ndipo yomwe ndinali nayo yandithera.
>
> Mashati 70 a masaizi aang'ono, a Sitandade 1 mpaka 4, atha. Ndiwakweza basi ya mawa Lachinayi madzulo, afika ku Mzuzu Lachisanu m'mawa. Otsala 50 afika Lachisanu pa 12 Sepitembala. Ndalama yotumizira ulendo wachiwiriwu ndilipira ndine.
>
> Ngati pa 12 ndi patali kwa inu, ndiuzeni pofika mawa masana, ndipo ndikubwezerani ndalama ya mashati 50 otsalawo tsiku lomwelo. Ndikangokweza katundu mawa ndikutumizirani chithunzi cha lisiti ndi nambala ya kondakitala.
>
> Ine wanu,

Pansi pake dzina langa ndi nambala ya foni. Basi.

Onani kuti mayiwa akanangowerenga mutu wokha pa foni, ali pakati pa msonkhano wa aphunzitsi, akanadziwa kale chofunika. Mutu wongoti "Kupepesa" kapena "Za oda yanu" umamukakamiza munthu kutsegula ali ndi nkhawa. Onaninso kuti chiganizo choyamba chanena nkhani yoipayo mosazengereza, kupepesa kwabwera kamodzi, chifukwa chatenga mzere umodzi, ndipo mbali yaikulu ya imeloyo ikunena za zimene zichitike mtsogolo. Umo ndi momwe malo ayenera kugawidwira. Zakale zitenge pang'ono, zamawa zitenge pambiri.

Kufotokoza mopitirira muyeso kumaoneka bwanji? Ine ndimaona ngati ndikungonena zoona.

Zikhoza kukhala zoona zonse, n'kukhalabe zolakwika kuzilemba. Zaka zapitazo ndinachedwa ndi madiresi a kwaya ina, ndipo imelo yomwe ndinalemba ndimaikumbukira bwino. Inayamba chonchi:

> Monga mukudziwa, zinthu zavuta kwambiri m'dziko muno. Sabata yatha magetsi amazima tsiku lonse, ndipo jenereta yathu sinathe kugwira ntchito chifukwa mafuta akusowa. Kuonjezera apo telala wathu mmodzi anapita kumudzi kumaliro ndipo sanabwerebe. Amene amatigulitsa ulusi nawonso anatikhumudwitsa. Ife tayesetsa usiku ndi usana...

Inapitirira ndime zitatu. Tsiku lomwe madiresi adzafike linali pansi penipeni, ndipo linali loti "posachedwapa". Mlembi wa kwayayo anandiyankha mzere umodzi: "Tamva, koma madiresi tilandira liti?" Ndinachita manyazi, chifukwa funso lokhalo lomwe iye anali nalo ndi lomwe sindinayankhe.

Imelo yotere imalakwika pawiri. Choyamba, imasandutsa wolakwa kukhala wovutika. Pofika kumapeto kasitomala akuyenera kundipepesa ine chifukwa cha maliro ndi jenereta, pomwe amene waonongekeredwa ndi iye. Chachiwiri, zifukwa zikachuluka zimachepa mphamvu. Chifukwa chimodzi munthu amachikhulupirira. Zikafika zinayi amayamba kuganiza kuti mwazitola kuti zikwane, ndipo amayamba kuzifufuza chimodzichimodzi: magetsi anazimadi tsiku lonse? Bwanji kwa m'bale wanga ku Bangwe anayaka? Mwamupatsa nokha zoti mukanganirane.

Pali zizindikiro zomwe ndimazindikirira kuti ndayamba kudziteteza. Mawu oti "koma" akabwera pambuyo pa kupepesa, ndiye kuti ndikubweza zomwe ndangopereka. Mawu oti "monga mukudziwa" amakhala akukokera kasitomala kumbali yanga. Ndikaona kuti ndatchula anthu ena oposa mmodzi, kapena ndikulongosola zochitika motsata masiku, Lolemba kunachitika chakuti, Lachiwiri chakuti, ndimadziwa kuti ndikulemba lipoti la kupolisi, osati kalata kwa kasitomala. Njira yachidule ndi iyi: pa chiganizo chilichonse dzifunseni ngati chikumuthandiza wowerenga kukonza zochita zake. "Mashati 70 afika Lachisanu" chikuthandiza. "Tagwira ntchito usiku wonse" chikungonditonthoza ine.

Ndiye chifukwa ndisachitchule n'komwe?

Chitchuleni, chimodzi, m'chiganizo chimodzi. Kusanena chilichonse kumaoneka ngati mwano, kapena ngati mwadya dipoziti. Munthu akafunsa mumtima kuti "kodi ndalama zanga zilipo?", chiganizo chimodzi chomveka chimamukhazika mtima pansi.

Sankhani chifukwa chenicheni, chomwe chikanapanda kuchitika katundu akanafika. Pa mashati aja magetsi anazimadi masiku ena, koma si amene anandichedwetsa. Chinandichedwetsa ndi choti ndinagula nsalu yokwana mashati 70 okha, poganiza kuti yotsalayo ndidzaipeza. Chimenecho ndi chomwe ndinalemba. Akafuna kudziwa zambiri adzafunsa, ndipo pamenepo mukhoza kufotokoza, chifukwa wapempha yekha.

Bwanji ngati vuto silinali langa? Basi inafa panjira, katundu wakakamira paboda, mafuta akusowa.

Ili ndi funso lomwe anthu amandifunsa mokwiya, ndipo ndimawamvetsa. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 600 pa msewu wa M1, ndipo chilichonse chikhoza kuchitika pakatipo. Amene amaitanitsa katundu kunja amadziwa mmene thiraki imagonera pa Mwanza kapena pa Songwe podikira mapepala, ndi mmene kusowa kwa ndalama zakunja kumachedwetsera kulipira ogulitsa. Izi si nkhambakamwa.

Koma taganizani za amene anapangana ndi kasitomala. Iye sanapangane ndi dalaivala, kapena ndi wokonza mapepala paboda. Anapangana ndi inu. Basi munasankha ndinu, tsiku munatchula ndinu, ndipo munalitchula mukudziwa mmene misewu yathu ilili. Ndiye pali mbali yomwe ndi yanu ngakhale simunaphe injini: lonjezo. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Kuvomera apa sikutanthauza kunama kuti mwaononga basi ndinu. Mukhoza kulemba zoona zonse ziwiri:

> Katundu wanu sanafike lero monga ndinakulonjezani, ndipo ndikupepesa. Basi yomwe ndinakweza yafa pa Jenda. Ndalankhula ndi kondakitala, katundu asamutsidwira mu ina, ndipo afika mawa isanakwane 10 koloko m'mawa. Ndikuimbirani akangofika padepoti.

Basi yatchulidwa kamodzi, ngati nkhani chabe, osati ngati chishango. Simunanyoze kampani ya basi, simunanene kuti anthu amenewa ndi osadalirika. Mukanyoza amene munawasankha nokha, kasitomala amangofunsa kuti nanga munawasankhiranji.

Zilipo nthawi zina pomwe aliyense akudziwa kuti palibe akanachitira mwina, monga mu Marichi 2023 namondwe Freddy atadula misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera. Pa zotere simukufunika kudziimba mlandu wabodza. Nenani kuti msewu waduka, nenani pomwe pali katundu ndi mmene alili, nenani tsiku lomwe mudzalembenso. Chimene chimakhalabe chanu ndi kudziwitsa msanga.

Ndipo ngati wolakwa ndi wantchito wanu, musamutchule. Telala akadula molakwika, kwa kasitomala ndi shopu yomwe yadula molakwika. Za iye mukakambirana kuseri.

Tsiku latsopano ndilipeze bwanji kuti ndisanamenso?

Liwerengeni, musalilote. Mtima umafuna kutchula tsiku lapafupi kuti kasitomala aleke kukwiya, ndipo umo ndi momwe timagwera kawiri m'dzenje limodzi. Ine ndinawerenga motere. Nsalu ifika Loweruka pa 6, tidula tsiku lomwelo. Atelala anayi, aliyense amasoka mashati asanu pa tsiku, ndiye 20 pa tsiku. Mashati 50 ndi masiku awiri ndi theka: Lolemba, Lachiwiri, ndi Lachitatu mpaka masana. Lachitatu masana mabatani, mabaji, kusita ndi kulongedza. Basi ya Lachitatu madzulo ifika Lachinayi pa 11. Limenelo ndi tsiku loti zonse zayenda bwino, magetsi osazima, nsalu osachedwa, wina osadwala. Ndinaonjezera tsiku limodzi n'kulemba Lachisanu pa 12. Mashati anafika pa 11, ndipo mayiwa anaona ngati ndachita changu.

Polemba, ikani dzina la tsiku ndi deti lomwe. "Mawa" amasokoneza ngati imelo yawerengedwa mawa lakelo. "Sabata yamawa" ili ndi masiku asanu ndi awiri. "Posachedwapa", "pompano" ndi "masiku omwewa" si masiku, ndipo makasitomala athu anawamva kokwanira. Nenaninso momveka ngati tsikulo ndi lonyamuka katundu kapena lofika. Ambiri amakangana pamenepa: wogulitsa amati ndinanena Lachinayi, kutanthauza kukweza basi, wogula akudikira padepoti Lachinayi lomwelo.

Nanga ngati tsiku lofika sindikulidziwa?

Musapeke. Lonjezani chomwe chili m'manja mwanu, chomwe ndi tsiku lodzalembanso: "Thiraki ikadali pa Mwanza ndipo sindingakuuzeni tsiku lenileni lero. Ndikulemberaninso Lachiwiri isanakwane 12 koloko, kaya yanyamuka kaya sinanyamuke." Ndiye Lachiwirilo lembanidi, ngakhale palibe chasintha. Mumupatsenso malire, kuti ikapanda kufika pofika tsiku lakuti ali ndi ufulu wotenga ndalama zake.

Kuyamba ndi nkhani yoipa osapereka moni wokwanira, si mwano?

Moni ukhalepo, koma waufupi. Pamaso ndi pamaso sitingayambe nkhani tisanafunsane za kunyumba, ndipo ndi bwino kutero. Pa imelo yopepesa, ndime yonse ya "ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse, kuno tili bwino mwa chisomo" imaoneka ngati mukuzengereza pakhomo. "Okondedwa Amayi" kapena "Okondedwa Bambo" ndi dzina lawo zakwana. Ulemu uonekere mu "inu", "mu-" ndi "-ni" m'kalata yonse, ndiponso poti simunawatayitse nthawi. Mawu monga "bwana wanga" obwerezabwereza, kapena "ndagwira mwendo wanu", amachititsa kasitomala kumangika, ndipo ena amayamba kukayika ngati bizinesiyo ili pabwino.

Pa "ine" ndi "ife": ngati bizinesi ndi yanu ndipo kasitomala amakudziwani, lembani "nda-". Ngati mukulemba m'malo mwa kampani, "talephera" ali bwino, koma pa zochita pakhale munthu: "ndikuimbirani ine Lachisanu", ndi dzina lanu pansi. "Ife" wopanda dzina ndi malo ena obisalamo.

Kodi ndiyenera kuchotsera mtengo?

Osati nthawi zonse. Yambani ndi ndalama zomwe kuchedwa kwanuko kwabweretsa. Ine ndinagawa katundu pawiri, ndiye mtengo wotumizira kachiwiri unali wanga, sukulu sinayenere kuulipira. Ngati kasitomala analipira galimoto kupita kudepoti pachabe, mubwezereni. Zimenezi si mphatso, ndi ngongole, ndipo musazilembe ngati mukumukomera mtima.

Kuchotsera mtengo kumayenera pamene kuchedwako kwachepetsa phindu la katunduyo. Madiresi a kwaya akafika chikondwerero chitadutsa, "tikuchotserani pang'ono pa oda yotsatira" ndi chipongwe, chifukwa mukumuuza kuti abwerenso kudzagula kuti apepesedwe. Pamenepo mpatseni mwayi wosankha pakati pa kulandira pa mtengo wotsika ndi kubwezeredwa ndalama. Chomwe mwalonjeza mulembe ndi nambala komanso tsiku, ndi njira yake, kaya ndi kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndipo musalonjeze kubweza ndalama yomwe mulibe. Ngati dipoziti munagulira kale zipangizo, nenani tsiku lomwe mungathedi kubweza.

Kuvomera kulakwa molemba sikungandibweretsere mlandu?

Imelo ndi umboni, izi n'zoona. Lamulo la dziko lino la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti limazindikira mauthenga a pa makina, ndipo ogula ali ndi kokadandaula, monga ku bungwe la CFTC loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Koma taonani chomwe mukuvomera: kuti munalonjeza pa 5 ndipo katundu sanafike pa 5. Chimenecho kasitomala ali nacho kale umboni, pa kotesheni, pa lisiti ndi pa mauthenga anu akale. Kukana kapena kuzemba sikuchifafaniza. M'zaka zomwe ndagwira ntchitoyi, amene ndawaona akufika podandaula kwa akuluakulu ndi amene anasiya kuyankhidwa foni.

Chofunika kusamala ndi kuvomera zomwe simunaziwerenge. Musalembe kuti "chilichonse chomwe mwataya ndilipira", chifukwa simukudziwa kukula kwake. Vomerani kuchedwa, tchulani zomwe muchite, lekerani pomwepo. Ngati oda ndi yaikulu ndipo pali mgwirizano wosainirana wokhala ndi chilango cha tsiku lililonse lochedwa, monga zimakhalira pa makontirakiti a mabungwe, werengani ndimeyo musanalembe, ndipo ngati ndalama zake ndi zambiri onanani ndi loya. Wolembedwa ntchito asalonjeze kubweza ndalama asanamve kwa abwana ake.

Bwanji osangoimba foni kapena kulemba pa WhatsApp?

Chitani zonse ziwiri ngati nthawi yathina. Ambiri kuno satsegula imelo tsiku lililonse, ndipo imelo yosawerengedwa sinadziwitse munthu. Ine ndinatumiza imelo, kenako ndinaimba n'kunena kuti, "Amayi, ndakulemberani za mashati, ndachedwa nawo ena, ndimafuna mumve kwa ine." Pa foni munthu amamva mawu anu n'kudziwa kuti zikukukhudzani. Imelo imasunga manambala ndi masiku, ndipo aphunzitsi aakulu akhoza kuitumiza kwa eni sukulu osaonjezera kanthu. Ichi ndi chifukwa chinanso choilembera mwachidule: idzawerengedwa ndi anthu omwe sakukudziwani.

Yankhani pa imelo yomwe munapanganirana oda, kuti mbiri yonse ikhale pamodzi, n'kusintha mutu wokha ngati pakufunika. Amene anali pa `Cc` poyamba, monga akauntanti, asiyeni pomwepo. Kuwachotsa pa nthawi ya nkhani yoipa kumaoneka ngati mukubisa.

Wandiyankha mokalipa. Ndibwezere bwanji?

Musabwezere ola lomwelo ngati mtima uli m'mwamba, koma lisadutse tsiku. Mayi aja anandiyankha kuti chaka chatha anasiya telala wina chifukwa cha zomwezi, ndipo sanayembekezere kuti inenso nditero. Zinandilasa. Zala zinayamba kale kulemba za nsalu, za shopu yomwe inanditsimikizira kuti ilipo yambiri. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti: "Mukunena zoona, Amayi, ndakukhumudwitsani. Mashati 70 akwera basi madzulo ano, ndipo lisiti ndikutumizirani isanakwane 6 koloko." Pa 5 koloko ndinajambula makatoni awiri ali pansi pa basi, dzina la sukulu litalembedwa ndi maka yakuda mbali zonse, ndi lisiti pamwamba pake.

Apa ndi pamene chiyeso chofotokoza chimakula kwambiri, chifukwa mukuona ngati akukuweruzani mopanda chilungamo. Koma munthu wokwiya safuna chifukwa chachiwiri. Akufuna aone kuti mwamva, ndi kuti chinachake chikuyenda. Ngati m'kukalipako muli zabodza zenizeni, monga kunena kuti analipira zonse pomwe analipira theka, konzani chimenecho chokha, mofatsa, ndi lisiti. Zotsalazo zisiyeni zidutse.

Akapanda kuyankha n'komwe, musamutumizire mapepani ena atatu. Chitani zomwe munalemba, pa nthawi yomwe munalemba, ndipo muzimudziwitsa pa sitepe iliyonse.

Ndaphonyanso tsiku lachiwiri lomwe ndinalonjeza. Ndilembe chiyani tsopano?

Apa mawu atsika mtengo, ndiye achepe kuposa poyamba. Imbani foni kaye, imelo itsatire. Nenani poyera kuti aka n'kachiwiri, musalembe ngati imelo yoyamba ija kunalibe: "Ndinakulonjezani pa 12 ndipo ndalepheranso." Musabweretse chifukwa chatsopano chachitali, chifukwa ngakhale chikhale choona chidzamveka ngati nthano. Ndipo ulendo uno kubweza ndalama kukhale koyamba, osati kumapeto: muuzeni kuti ndalama ya katundu wotsalayo ili tayale kubwezedwa lero, ndipo ngati akufunabe kudikira, tsiku ndi lakuti. Ngati mukudziwa telala kapena shopu ina yomwe ingamalize msanga kuposa inu, mutchulireni, ndipo mupereke nsalu ndi miyeso yomwe muli nayo kuti asayambirenso pachiyambi.